Kope limene simunaliyesepo: mafunso a woyang'anira chipatala pa kasungidwe ka mbiri za odwala

Lolemba lina m'mawa, pa chipatala china chaching'ono chimene sindichitchula dzina, kalaliki anayatsa kompyuta yaikulu yosungira mbiri za odwala koma inangolira "thi, thi, thi" mkati osaonetsa kanthu. Usiku wa Loweruka kunagwa mvula ya ziphaliwali ndipo magetsi anazima n'kuyaka kangapo. Panja mabenchi anali atadzaza kale, amayi a sikelo mbali iyi, akuluakulu odzatenga mankhwala a shuga ndi kuthamanga kwa magazi mbali inayo. Mkulu wa chipatalacho sanatekeseke. Anatsegula kabati, natulutsa disiki yakuda ya kukula ngati chikhatho, n'kunena kuti, "Musadandaule anzanga, bakapu ilipo." Mafayilo analimodi, lililonse ndi dzina lake ndi tsiku lake. Koma a masabata 11 omaliza anali mbee, opanda kanthu mkati.

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene oyang'anira zipatala amafunsa kawirikawiri, ndipo ambiri a iwo amabwerera pa zimene zinachitika m'mawa umenewo.

Tili ndi mabuku a kaundula, odwala ali ndi mabuku awo a kuchipatala. Nanga kudandaula za makope n'kwa chiyani?

Kabuku ka kuchipatala kamene wodwala amayenda nako ndi ka mtengo wapatali, koma ndi kake, osati kanu. Kamanyowa, kamapsa ndi nyumba, kamatsala mu minibasi, ndipo ena amagula katsopano dala pofuna kuti dokotala asaone zakale. Munthu amene akumwa mankhwala otalikitsa moyo akabwera wopanda kabuku, chimene chikuuzeni mtundu wa mankhwala ake, tsiku limene anayamba ndi zotsatira za magazi ake ndi khadi lake kapena kompyuta yanu. Zimenezi zikasowa mumayamba kulota, ndipo pa mankhwala ngati amenewa kulota kumavulaza munthu.

Mabuku a kaundula nawo ali ndi adani awo amene tonse timawadziwa: chiswe chimene chimalowa chamseri kukhoma, makoswe, denga lodontha ndi madzi osefukira. Amene anali ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa msinkhu umene madzi amafika m'chipinda. Mabuku asagone pansi kapena kutsamira khoma. Ikani pa mashelefu achitsulo otalikirana ndi pansi, akale kwambiri pamwamba, m'chipinda chokhoma chimene makiyi ake akudziwika amene ali nawo. Ndipo musadalire malipoti a pamwezi amene mumatumiza mu DHIS2. Mmenemo mumalowa ziwerengero, monga kuti odwala malungo anali angati, osati mbiri ya munthu mmodzimmodzi.

Makope akhale angati, ndipo azikhala kuti?

Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo lawo la chizolowezi lotchedwa 3-2-1. Mbiri zikhale malo atatu, kuwerengera ndi kompyuta imene mukugwiritsa ntchito. Zikhale pa zipangizo za mitundu iwiri, kuti chimene chaononga china chisaononge chinzake. Ndipo kope limodzi likhale kunja kwa chipatala.

Pa chipatala chaching'ono zimenezi zimatheka ndi madisiki atatu akunja. Alembeni A, B ndi C ndi cholembera chosafufutika. Sabata ino disiki A ili m'kabati yokhoma ya muofesi. Tsiku lililonse poweruka, kalaliki amailumikiza ku kompyuta, amakopera fayilo ya tsikulo, kenaka amaizula n'kuibwezera m'kabati. Nthawi yomweyo disiki B ili kwina, kaya ku ofesi yaikulu ya mpingo ngati chipatala ndi cha mishoni, kaya m'sefa kunyumba kwa mwini chipatala. Lachisanu amasinthanitsa: A imapita, B imabwera. Disiki C imabwera kamodzi pamwezi, kulandira kope la kumapeto kwa mwezi, n'kubwerera komwe imakhala.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziona ngati zazing'ono. Choyamba ndi kuzula. Disiki imene imangokhala yolumikizidwa usana ndi usiku ili ngati nkhokwe yomangidwa mogundana ndi khitchini: moto wa kuno ufika ndi uko. Mphamvu ya chiphaliwali imadutsa m'mawaya, vayirasi nayo imalowa paliponse pamene kompyuta ikutha kulemba, ndipo wakuba akanyamula kompyuta sasiya disiki ili lende pambali pake. Chachiwiri, fayilo ya lero isamafufute ya dzulo. Iliyonse ikhale ndi tsiku lake pa dzina. Mavuto ena amaoneka mochedwa. Wina akhoza kufufuta mwangozi odwala a mwezi wathunthu Lachiwiri inu n'kudzazindikira sabata yamawa, ndipo ngati muli ndi kope limodzi lokha limene limalembedwanso tsiku ndi tsiku, cholakwacho chinalowamo kale. Malo si vuto kwenikweni, chifukwa mbiri zolembedwa m'mawu sizidya malo ambiri. Zimene zimadzazitsa disiki msanga ndi zithunzi za ekiseleyi ndi sikani.

Fulashi isakhale nkhokwe yanu. Ndi yonyamulira basi. Imafa mosachenjeza, imagwa m'thumba, ndipo imayendayenda m'makompyuta a anthu n'kutola matenda.

Kukopera tsiku lililonse si kuchulutsa ntchito? Kamodzi pasabata sikukwanira?

Yankho lili m'masamu a chipatala chanu. Dzifunseni kuti, kompyuta itafa pompano, ndi ntchito ya masiku angati imene tingapirire kuilembanso pamanja? Tinene kuti mumaona odwala 80 patsiku, masiku 6 pasabata. Mukamakopera Loweruka lokha, kompyuta n'kufa Loweruka lotsatira musanakopere, mwataya maulendo a odwala pafupifupi 480. Ngati kulowetsanso ulendo umodzi kuchokera m'kaundula kumatenga mphindi 3, amenewo ndi maola 24, kutanthauza masiku atatu athunthu a kalaliki osadzutsa mutu, mzere wa lero uli panja. Kukopera kwa tsiku ndi tsiku kumatenga mphindi zochepa chabe, ndipo kumatha kukonzedwa kuti fayilo izidzipanga yokha, munthu n'kungoisamutsira pa disiki.

Tsono pa chipatala chija chinalakwika n'chiyani, poti makope ankapangidwa tsiku lililonse?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo.

Mapulogalamu ambiri a m'zipatala, kuphatikizapo OpenMRS, amasunga mbiri m'nkhokwe ya MySQL. Nkhokwe yotere sakopera pongokoka foda yake ndi kuiponya pa disiki pamene ikugwira ntchito, chifukwa mukhoza kutenga mafayilo ena asanamalize kulembedwa, kope n'kukhala losatseguka. Imayenera kuuzidwa kuti itulutse yokha zonse zili mkati mwake. Lamulo lake limaoneka motere:

```
mysqldump -u root -p --single-transaction chipatala > chipatala_lolemba.sql
```

Mnyamata wa makompyuta amene anaika pulogalamu pa chipatala chija anakonza kuti lamulo lofanana ndi limeneli liziyenda lokha madzulo aliwonse, ndipo pasiwedi ya nkhokwe anaisunga m'kafayilo kena kuti lamulolo lizitha kulowa. Zinayenda bwino kwa nthawi yaitali. Kenaka wantchito wina anachoka, ndipo mkulu wa chipatala analamula kuti mapasiwedi onse asinthidwe. Anachita bwino. Koma palibe amene anakumbuka kafayilo kaja. Kuyambira tsiku limenelo, madzulo aliwonse lamulolo linkagogoda ndi pasiwedi yakale, nkhokwe n'kukana. Chopweteka n'chakuti chizindikiro chija cha `>` chimapanga fayilo yatsopano lamulo lisanayambe n'komwe ntchito. Ndiye fayilo inkabadwa, dzina labwinobwino, tsiku lolondola, koma mkati mulibe ngakhale chilembo chimodzi. Kalaliki ankaikopera mokhulupirika pa disiki. Uthenga wodandaula unkatuluka pamalo amene palibe ankayang'ana.

Masabata 11, odwala 80 patsiku, masiku 6 pasabata: maulendo 5,280. Pa mphindi 3 ulendo umodzi, ndi maola 264, kapena masiku 33 a ntchito. Anawalowetsanso kuchokera m'mabuku a kaundula, koma zina zimene zinkalembedwa pa kompyuta pokha, monga ndemanga za dokotala ndi kuchuluka kwa mankhwala amene anasinthidwa, sizinabwererenso.

Ndimamva chisoni ndikakumbuka nkhope ya kalaliki uja, chifukwa iye anachita zonse zimene anauzidwa. Chimene sanauzidwe ndi kuyang'ana kukula kwa fayilo. Ichi mungachione nokha ngakhale simudziwa zambiri za makompyuta. Tsegulani foda ya makope, muyang'ane pansi pa mawu akuti `Size`. Fayilo ya lero iyenera kufanana ndi ya dzulo kapena kuiposa pang'ono, popeza odwala amawonjezekera. Mukaona `0 KB`, kapena fayilo yatsika mwadzidzidzi n'kukhala theka la ya dzulo, imbani foni tsiku lomwelo. Palinso chizindikiro china. Fayilo ya `mysqldump` imene yatha bwino imakhala ndi mzere womaliza woyamba ndi mawu akuti `-- Dump completed on`, wotsatiridwa ndi tsiku ndi nthawi. Ngati magetsi anazima kapena disiki inadzaza ntchito ili mkati, mzerewu sukhalapo. Pa kompyuta ya Linux mumauona polemba:

```
tail -n 1 chipatala_lolemba.sql
```

Gulani kope lachikuto cholimba, mujambule mizere: tsiku, dzina la fayilo, kukula kwake, disiki imene yalandira, ndi saini ya wokopera. Inu muziliona Lachisanu lililonse posinthanitsa madisiki. Munthu amene akulemba ndi dzanja lake kuti `0 KB` masiku awiri otsatizana sangalephere kudabwa.

Kukula kukakhala bwino, ndiye kuti tapulumuka?

Ayi, mwangodutsa chipata choyamba. Umboni weniweni ndi kubwezeretsa. Kamodzi pa miyezi itatu, komanso nthawi iliyonse pamene pulogalamu, kompyuta kapena pasiwedi yasinthidwa, itanani wa makompyuta, mukhale naye pampando, muchite ngati tsoka lagwa kale. Musatenge disiki ya m'kabati, tengani imene imakhala kunja, chifukwa moto ukabuka ndi imene idzatsale. Pezani kompyuta ina yosalumikizidwa ku netiweki ya chipatala, ndipo iye aikemo pulogalamu ndi kubwezeretsa kope. Inu gwirani wotchi. Ngati zatenga maola asanu, mwadziwa kuti tsiku la tsoka mudzafunika mapepala okwanira kugwirira ntchito kuyambira m'mawa mpaka masana.

Ikatseguka, musakhutire ndi kuona dzina la chipatala pa sikirini. Tengani buku la kaundula, musankhe odwala asanu: wa tsiku lomaliza kukopera, wa mwezi watha, wa chaka chatha, mwana wa sikelo, ndi wina wa mankhwala a nthawi yaitali. Afufuzeni mmodzimmodzi. Mankhwala akufanana? Zotsatira za ku labu zikutseguka? Yerekezaninso chiwerengero cha odwala onse ndi cha pa kompyuta yeniyeni. Pa kuyesa kotereku ndi pamene zobisika zimatulukira: kuti zithunzi za sikani zimakhala mu foda ina imene siinkakoperedwa, kuti pulogalamu yoikira inapita ndi mnyamata amene anasamukira ku Joni, kuti pasiwedi ya disiki amaidziwa ndi munthu mmodzi yekha ndipo ali ku maliro kumudzi. Mukamaliza, fufutani zonse pa kompyuta yoyeserayo, chifukwa tsopano nayonso yasenza zinsinsi za anthu.

Ngati chipatala chanu ndi cha boma kapena cha mishoni ndipo pulogalamu inaikidwa ndi Unduna wa Zaumoyo kapena mabungwe othandiza, musagwiregwire seva panokha. Koma muli ndi ufulu wofunsa amene amaisamalira mafunso atatu: kope lomaliza linapangidwa liti, likusungidwa kuti, ndipo linayesedwa liti? Pemphani kuti pa kuyesa kotsatira mudzakhalepo.

Disiki ya kunja ija ikabedwa panjira, sitinaulule odwala athu tokha?

Funso limeneli ndi la munthu amene wamvetsa. Kope lililonse limene mwapanga ndi khomo linanso lolowera ku zinsinsi za anthu. Pa disiki imodzi pali mayina, midzi, manambala a foni, amene ali ndi kachilombo ka HIV, mtsikana amene anapita padera, bambo amene akulandira thandizo la matenda a maganizo. Kompyuta yakufa imagulidwa ina, koma izi zikafika pa msika, madzi akatayika saoleka. Malamulo nawo salekerera. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake kupatula m'njira zimene lamulolo lalola, ndipo lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, limaika nkhani za umoyo m'gulu lofunika chitetezo chapadera ndipo limafuna kuti mbiri zikabedwa kapena kutayika mukanene mwachangu.

Choncho disiki iliyonse yotuluka pachipata ikhale yokhomedwa mkati, mwakuti wopanda pasiwedi akaitsegula asaone chowerengeka. Pa Windows Pro pali BitLocker To Go: mumadina kumanja pa disikiyo n'kusankha `Turn on BitLocker`. Palinso VeraCrypt, yaulere, imene imagwira pa Windows ndi pa Linux pomwe. Koma loko ameneyu sadziwa mwini wake. Mukataya pasiwedi, ngakhale katswiri sangakutsegulireni. BitLocker imapereka kiyi wapadera wa manambala 48 wotsegulira pasiwedi ikaiwalika. Musindikizeni pa pepala, muike mu envelopu yomata, musaine pamatapo, musunge m'sefa kutali ndi disikiyo, ndipo anthu awiri adziwe pamene ili. Kapepala komata pa disiki penipenipo ndakaonapo kangapo, ndipo kamandiwawa mtima nthawi zonse.

Bwanji osangoika zonse pa intaneti?

Zimathandiza, makamaka pochepetsa zimene mungataye moto utabuka pakati pa sabata disiki yakunja isanasinthidwe. Koma samalani ndi foda imene imangofananiza zili pa kompyuta ndi za pa intaneti, ngati mmene Google Drive kapena OneDrive imachitira. Imeneyo ndi galasi: mukafufuta kuno, ukonso zafufutika, ndipo mu Google Drive zotayidwa zimakhala m'bini masiku 30 okha. Tumizani fayilo yokhomedwa kale, ya tsiku lake, mu akaunti ya chipatala osati ya wantchito, ndipo mufunse kaye za malamulo a kutumiza mbiri za anthu kunja kwa dziko, popeza makompyuta a makampani amenewa sali kuno. Muganizirenso za bandulo ndi netiweki: kukweza fayilo pang'onopang'ono usiku n'kosavuta, koma kutsitsa zonse tsiku la tsoka odwala ali pabenchi ndi nkhani ina.

Timamva za akuba amene amakhoma makompyuta n'kumafuna dipo. Angalimbane ndi kachipatala ngati kathu?

Ambiri sasankha. Amaponya khoka, chimene chakodwa chakodwa. Pa 12 Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inakhoma makompyuta m'zipatala za boma ku Mangalande, ndipo maulendo a odwala pafupifupi 19,000 analephereka. Chigamba chotseka mpata umene inalowera chinali chitatulutsidwa ndi Microsoft mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Ku Ireland mu Meyi 2021, akuba atakhoma makompyuta a zaumoyo a dziko lonse anadzapereka okha kiyi wotsegulira, komabe zinatenga miyezi kuti zonse zibwerere mwakale. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ndipo mtsogoleri wa dziko anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti ankafuna dipo.

Mudzazindikira ndi mafayilo amene asintha mayina n'kukana kutseguka, ndi kalata pa sikirini yofuna ndalama. Zulani waya wa netiweki nthawi yomweyo, zimitsani Wi-Fi, ndipo chonde, musathamangire kulumikiza disiki ya bakapu kuti muone ngati ili bwino. Mukatero mwaipereka nokha. Bwererani ku mapepala, itanani katswiri, ndipo kope lidzabwezeretsedwe pa kompyuta yoyeretsedwa. Kupewa kwake n'kosadula: seva isakhale yoonera mafilimu, yotchajira mafoni kapena yolandira mafulashi a alendo, ndipo izilandira zigamba zake pa nthawi yake. Ikhalenso ndi batire lapadera lija lolembedwa UPS, limene limapatsa mphindi zingapo zoti muizimitse bwino magetsi a ESCOM akathima. Batire lake limatha mphamvu pakapita zaka zochepa, ndiye muziliyesa pozula pulagi kukhoma n'kuona ngati kompyuta ikhalabe yoyaka.

Nanga a m'nyumba momwemo?

Zinsinsi zambiri sizituluka ndi akuba akutali. Zimatuluka ndi wantchito amene wafuna kudziwa chimene mlamu wake anabwerera dzulo, kapena amene wajambula khadi la wodwala n'kutumiza pa gulu la WhatsApp pofuna uphungu, dzina likuoneka. Ngati onse amalowa ndi dzina limodzi ndi pasiwedi yolembedwa pakhoma, simudzadziwa amene anatsegula mbiri ya ndani. Aliyense akhale ndi dzina lake lolowera, aone zokhudza ntchito yake zokha, ndipo wolandira ndalama asathe kutsegula zotsatira za magazi. Wochoka ntchito atsekeredwe tsiku lomwelo, abweze makiyi, ndipo mukasintha mapasiwedi, madzulo ake kaoneni kukula kwa fayilo ya bakapu.

Kompyuta yakale isapatsidwe kwa sukulu kapena kugulitsidwa ndi disiki yake, chifukwa kufufuta wamba sikuchotsa mbiri, kumangochotsa dzina pa mndandanda, ndipo mapulogalamu obweza zofufutidwa ali ponseponse. Chotsani disikiyo, ifufutidwe ndi katswiri kapena iboooledwe ndi kuphwanyidwa inu mukuona. Mapepala amene nthawi yake yosungira yatha malinga ndi malangizo a Unduna asapite kudzala, kumene ana amatola okagulitsa kwa okazinga tchipisi ndi mandasi. Atenthedwe mpaka phulusa, pamaso pa anthu awiri, ndipo onse awiri asaine m'buku.